Kulondoloza zokolola za mamembala a kopaletivi: sikelo, chinyezi ndi kaundula

Thumba la chimanga lolemera makilogalamu 50 limene lili ndi chinyezi cha maperesenti 18 lili ndi makilogalamu 9 a madzi, pamene thumba lolemera chimodzimodzi la chinyezi cha maperesenti 13 lili ndi makilogalamu 6.5 okha a madzi. Sikelo siidziwa kusiyana kumeneku, ndipo kopaletivi imene imalemba zimene sikelo yanena zokha imakhala ikulanda membala amene anayanika bwino n'kupatsa amene anafulumira kulongedza. Patapita masabata angapo madziwo amauluka, matumba amapepuka, ndipo wosunga katundu ndiye amayamba kuganiziridwa zakuba. Malangizo awa akulongosola njira yolandirira ndi kulemba zokolola kuti membala aliyense awerengeredwe mbewu yeniyeni imene wabweretsa. Zitsanzo zonse ndi za chimanga chotonola, koma masamu ake ndi amodzimodzi pa soya, mpunga, nyemba ndi mbewu zina zosungidwa zouma.

Choyamba: gwirizanani malamulo tsiku lolandira lisanafike

Komiti ikhale pansi ndi mamembala nyengo yokolola isanayambe, ndipo ilembe m'buku la misonkhano manambala atatu. Nambala yoyamba ndi chinyezi chogwirizana, chimene katundu yense adzawerengeredwapo. Pa chimanga ambiri amaika pakati pa 12.5 ndi 13.5, chifukwa chikapitirira 14 chuku chimayamba kumera mosavuta ndipo mbewu imatha kufunda m'thumba. Mpunga wosapuntha nthawi zambiri amauika pa 14, pamene mtedza wosenda umafunika kutsika kufika pa 7 kapena 8. Ngati kopaletivi ili kale ndi wogula, itenge nambala imene ili m'pangano lake, chifukwa ndi imene katunduyo adzayesedwa nayo pomaliza. M'malangizo awa tigwiritsa ntchito 13.

Nambala yachiwiri ndi chinyezi chokanira, ndiko kuti malire amene katundu akawapitirira abwezedwa kuti akayanikidwenso. Masamu angathe kukonza kulemera kwa chimanga cha maperesenti 22, koma sangaletse chimangacho kuola ndi kuwononga matumba oyandikana nacho. Kopaletivi imene ilibe makina oumitsira kapena malo okwanira oyanikira iike malire amenewa pafupi ndi chinyezi chogwirizana. Nambala yachitatu ndi kuchuluka kwa zinyalala kololedwa popanda kuchotsera kanthu, monga peresenti imodzi. Malamulo opangidwa pa sikelo, membala ataima pomwepo ndi katundu wake, amaoneka ngati apangidwira iyeyo, ndiye chifukwa chake ayenera kukhala olembedwa kale ndi kumatidwa pakhoma.

Chachiwiri: yesani sikelo ndi mita m'mawa uliwonse

Sikelo ya pansi iikidwe pa simenti kapena pa thabwa lolimba losapendekeka, ndipo ikhale ikuonetsa ziro musanaikepo kanthu. Ikanipo cholemera chimene kulemera kwake kukudziwika, makamaka miyala yachitsulo yoyesera sikelo. Ngati mulibe, madzi amathandiza, popeza lita imodzi ya madzi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi: chigubu chimene mwachiyesa chopanda kanthu n'kuthiramo malita 20 oyezedwa bwino chiyenera kuwonjezera makilogalamu 20. Muike cholemeracho pakati, kenako pa ngodya iliyonse mwa zinayi. Nambala ikasintha malinga ndi malo, sikeloyo siikhala bwino kapena yawonongeka. Zotsatira zake zilembedwe pamwamba pa tsamba la tsikulo ndipo anthu awiri asayine. Kuyesa kotereku ndi koonera chabe ngati sikelo yasokonekera, ndipo sikulowa m'malo mwa chidindo cha a boma oona za masikelo, chimene malamulo a malonda amafuna m'maiko ambiri.

Mita yoyezera chinyezi ifunika batire lamphamvu, ndipo iikidwe pa mtundu wa mbewu imene mukuyeza. Mita yoikidwa pa soya ikayeza chimanga imaonetsabe nambala yooneka bwino koma yolakwika, ndipo palibe chimene chimakuchenjezani. Sungani chimanga chouma pang'ono m'botolo lotsekeka bwino, chimene chinyezi chake munachiyeza kumayambiriro kwa nyengo pa mita ina yodalirika, ndipo muzichiyeza m'mawa uliwonse. Nambala ikasuntha kuposa theka la peresenti, mitayo ifunika kukonzedwa musanapitirize.

Chachitatu: yezani kulemera konse, kenako chotsani kwa matumba

Katundu wa membala mmodzi ayezedwe payekha, mwini wake kapena nthumwi yake akuona. Lembani kulemera kwa thumba lililonse, kapena kwa gulu lililonse la matumba limene laikidwa pa sikelo nthawi imodzi, monga momwe sikelo yaonetsera, osakwezera kapena kutsitsira ku nambala yathunthu. Chizolowezi cholemba 50 pa thumba la 50.4 chimaoneka chaching'ono, koma pa matumba 1,000 chimabisa makilogalamu 400 amene alibe mwini m'buku. Musawerenge matumba ngati kuti lililonse lili ndi makilogalamu 50. Thumba ndi chotengera chabe.

Kulemera kwa matumba opanda kanthu kumapezeka poyeza matumba khumi a mtundu umodzi pamodzi n'kugawa ndi khumi, chifukwa thumba limodzi ndi lopepuka kwambiri kuti sikelo yaikulu ilione molondola. Thumba la pulasitiki lolukidwa limalemera magalamu pafupifupi 100, koma la chiguduli limalemera kuchulukitsa kangapo, choncho mtundu uliwonse ukhale ndi nambala yakeyake. Ngati katundu wabwera pa galimoto ndipo wayezedwa pa sikelo ya magalimoto, galimotoyo iyezedwenso itatsitsa, tsiku lomwelo, dalaivala ndi othandiza ake atatsika maulendo onse awiri.

Tiyeni titsate katundu wa membala nambala 027 kufikira kumapeto. Wabweretsa matumba 12, ndipo onse pamodzi alemera makilogalamu 618.0. Matumba opanda kanthu ndi magalamu 100 lililonse, kutanthauza makilogalamu 1.2. Zam'kati mwake ndi makilogalamu 616.8.

Chachinayi: tapani mbewu yoyeza moimira katundu yense

Apa ndi pamene zolakwa zambiri zimabadwira, ndipo palibe masamu amene angakonze mbewu yotapidwa molakwika. Dzanja lotapa pakamwa pa thumba limapeza chimanga chouma kwambiri ndi choyera kwambiri, mwina chifukwa cha mphepo, mwina chifukwa wolongedza anafuna kuti zikhale choncho. Gwiritsani ntchito chitsulo chobayira matumba, ndipo mubaye pamwamba, pakati ndi pansi. Matumba akakhala khumi kapena kuchepera apo, bayani onse. Akachuluka, bayani osachepera khumi osankhidwa ndi kalaliki kuchokera mbali zosiyanasiyana za muluwo, osati amene mwini katundu wakulozerani. Zonse zimene mwatapa zithiridwe m'beseni limodzi louma ndi kusakanizidwa bwino.

Chimanga chimene changochotsedwa padzuwa chimanamiza mita. Khungu lake limakhala louma pamene m'kati mudakali madzi, ndipo kutentha kwake nakonso kumasokoneza muyezo. Chimanga choterocho chikhoza kuonetsa 13 masana, mawa lake m'mawa n'kuonetsa 14 kapena kupitirira, madzi a m'kati atafalikira njere yonse. Njira yake ndi kutsekera chotapidwacho m'botolo kapena m'pepala la pulasitiki, n'kuchisiya pamthunzi mpaka chizizire, kenako n'kuyeza. Chimodzimodzi chimanga chimene chagwidwa ndi mame kapena kamvula panjira chimaonetsa chinyezi chokwera kuposa chenicheni, popeza madziwo ali kunja kwa njere.

Yezani katatu, ulendo uliwonse ndi chimanga china cha m'beseni lomwelo, ndipo mulembe manambala onse atatu. Akasiyana kuposa theka la peresenti, sakanizaninso n'kubwereza. Akapitiriza kusiyana, ndiye kuti katunduyo ndi wosakanikirana, wouma ndi wonyowa, ndipo afunika kumugawa monga tilongosolere m'munsimu. Pa membala 027 mita yaonetsa 16.2, 16.5 ndi 16.5, kuphatikiza n'kugawa ndi 3 kukupereka 16.4.

Pa zinyalala, yezani magalamu 1,000 a chotapidwacho pa sikelo yaing'ono, musefe, mutole zitsotso, timiyala, mchenga ndi fumbi, ndipo muziyeze. Magalamu 10 aliwonse ndi peresenti imodzi. Kwa membala wathu zapezeka magalamu 25, kapena maperesenti 2.5. Popeza peresenti imodzi ndi yololedwa, chochotsera ndi 1.5, ndipo makilogalamu 616.8 kuchulukitsa ndi 0.985 akutsala 607.5, ndipo uku ndiko kulemera koyera.

Ndi bwinonso kusunga kachigawo ka chotapidwacho m'pepala la pulasitiki lomangidwa, lolembedwa nambala ya lisiti, kwa masiku angapo. Membala akadandaula, pamakhala choyezanso m'malo mokangana pakamwa.

Chachisanu: werengani kulemera pa chinyezi chogwirizana

Maziko a masamuwa ndi akuti pouma chimachoka ndi madzi okha, pamene ufa wa njere umakhala womwewo. M'makilogalamu 100 a chimanga cha maperesenti 16.4 muli makilogalamu 83.6 a mbewu yopanda madzi. Chimanga chomwecho chikafika pa 13, makilogalamu 83.6 aja amakhala magawo 87 pa 100 a kulemera kwatsopano. Ndiye njira yake ndi iyi:

```
kulemera kokonzedwa = kulemera koyera × (100 − chinyezi choyezedwa) ÷ (100 − chinyezi chogwirizana)
```

Pa membala 027, makilogalamu 607.5 kuchulukitsa ndi 83.6 n'kugawa ndi 87 akupereka 583.8. Nambala imeneyi ndiyo ilembedwe pa dzina lake, ndipo malipiro ake ndi gawo lake la phindu la kumapeto kwa chaka ziwerengeredwe pomwepo. Anabwera ndi makilogalamu 618.0 pa sikelo, ndipo 34.2 achotsedwa: 1.2 a matumba, 9.3 a zinyalala ndi 23.7 a madzi. Kalaliki wodziwa ntchito amamuwerengera zigawo zitatuzi chimodzichimodzi, chifukwa munthu amavomera msanga chochotsera chimene akuona komwe chachokera.

Pali njira yachidule imene ambiri amaikonda, yochotsa 13 mu 16.4 n'kudula maperesenti 3.4 pa kulemera. Njirayi ndi yolakwika, ndipo nthawi zonse imalakwira mbali imodzi. Ikanapereka makilogalamu 586.8, kupitirira nambala yoona ndi makilogalamu 3. Chifukwa chake n'chakuti peresenti imodzi ya chinyezi ikachoka pofika pa 13, kulemera kumatsika ndi pafupifupi 1.15 peresenti, osati imodzi, popeza 100 kugawa ndi 87 ndi 1.149. Makilogalamu 3 pa membala mmodzi saoneka kanthu, koma pa maulendo 100 a katundu wofanana naye kopaletivi imakhala italonjeza makilogalamu 300 amene kulibe m'nyumba yosungira, ndipo kusowaku kumakula pamene chimanga chikubwera chonyowa kwambiri.

Masamuwa amafuna chinyezi chowerengedwa pa kulemera konse kwa mbewu pamodzi ndi madzi ake, ndipo umu ndi momwe mamita a malonda a mbewu amaonetsera. Zotsatira zochokera ku labotale nthawi zina zimawerengedwa pa kulemera kwa mbewu yopanda madzi, ndipo nambala yake imakhala yokulirapo. Funsani musanaiike m'masamu awa.

Katundu wosakanikirana afunika chisamaliro chapadera. Tiyerekeze kuti membala wina ali ndi makilogalamu 400 pa chinyezi cha 14 ndi makilogalamu 200 pa chinyezi cha 20. Kalaliki akangophatikiza 14 ndi 20 n'kugawa pakati, apeza 17, ndipo makilogalamu 600 atsika kufika pa 572.4. Koma chimanga chouma ndi chimene chachuluka, choncho 17 sikuimira katunduyo. Akawerenga gawo lililonse palokha, 400 ikupereka 395.4 ndipo 200 ikupereka 183.9, zonse pamodzi 579.3, kutanthauza kuti njira yoyamba ija ikanamudyera membalayo pafupifupi makilogalamu 7. Lamulo lake ndi losavuta: magawo osiyana chinyezi ayezedwe paokha ndi kulembedwa pa mizere iwiri. Kuteroko kumathandizanso kuti gawo lonyowalo lipite koyanika m'malo mosanjidwa pamodzi ndi louma.

Nanga chimanga chouma kuposa chinyezi chogwirizana? Makilogalamu 500 pa chinyezi cha 11 akalowa m'masamu omwewa amakwera kufika pa 511.5. Pa chilungamo cha pakati pa mamembala, membalayo wabweretsadi mbewu yochuluka motero. Koma ogula ambiri amachotsera chinyezi chopitirira osawonjezera pa chopelewera, choncho makilogalamu 11.5 amenewo kopaletivi siidzawagulitsa kwa aliyense. Ine ndimaona kuti malipiro a nthawi yolandira asapitirire kulemera kwa pa sikelo, koma nambala yokwerayo ilembedwebe pa mpata wake, chifukwa idzafunika poyerekeza buku ndi katundu, ndiponso komiti ikhoza kuigwiritsa ntchito pogawa phindu. Chilichonse chimene mungasankhe, chikhale m'malamulo olembedwa aja.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani lisiti ndi kaundula

Lisiti ikhale ya nambala zosindikizidwa motsatana ndi ya mapepala atatu: la membala, la wosunga katundu ndi lotsala m'buku. Palembedwe tsiku, nambala ya membala, mtundu wa mbewu, chiwerengero cha matumba, kulemera konse, kulemera kwa matumba, zinyalala, manambala atatu a mita, kulemera kokonzedwa, mulu umene katunduyo wapita, ndi masaini a woyeza, kalaliki ndi membala. Cholembacho chisunge manambala oyambirira onse osati yankho lokha. Mukadzazindikira pakati pa nyengo kuti mita inali kukweza ndi theka la peresenti, mudzatha kuwerengeranso aliyense pokhapokha ngati manambala oyambirirawo alipo.

Polakwitsa musafufute kapena kung'amba. Dulani mzere umodzi, lembani nambala yolondola pambali, ndipo onse asayine. Lisiti yowonongeka ilembedwe kuti yathetsedwa ndipo mapepala ake atatu akhale m'buku. Munthu woyeza asakhale yemweyo wolemba, ndipo wolemba asakhale wosunga makiyi.

Madzulo aliwonse malisiti akoperedwe m'kaundula wa magawo awiri: tsamba la membala aliyense, loonetsa zonse zimene wabweretsa, ndi tsamba la mulu uliwonse, loonetsa zolowa ndi zotuluka. Kuphatikiza kwa masamba a mamembala kuyenera kufanana ndi kuphatikiza kwa zolowa pa masamba a milu, ndipo zikasiyana, lisiti ina yaiwalidwa kapena yalembedwa kawiri. Amene akulemba pa kompyuta mu Excel kapena pulogalamu yofanana nayo, ngati kulemera koyera kuli mu E2, chinyezi mu F2, ndipo chinyezi chogwirizana chalembedwa kamodzi mu J1, alembe motere:

```
=ROUND(E2*(100-F2)/(100-$J$1),1)
```

Mu F2 mulembedwe 16.4, osati 0.164. Yankho likatuluka lalikulu kuposa kulemera kwa pa sikelo pa chimanga chonyowa, cholakwa chili pamenepo.

Chachisanu ndi chiwiri: yerekezani buku ndi katundu pa chinyezi chimodzi

Mulu ukayanikidwa, kusokedwanso kapena kutulutsidwa kupita kwa wogula, uyezedwe kulemera ndi chinyezi tsiku lomwelo, kenako ukonzedwe ndi masamu omwe aja musanauyerekeze ndi buku. Tinene kuti kaundula akusonyeza kuti mulu A uli ndi makilogalamu 9,420 pa chinyezi cha 13, koma pa sikelo papezeka 9,260. Wina aona kuti makilogalamu 160 asowa ndipo ayamba kufunsa amene anali ndi makiyi. Koma mita ikuonetsa kuti chimangacho chauma kufika pa 12.0. Makilogalamu 9,260 kuchulukitsa ndi 88 n'kugawa ndi 87 akupereka 9,366.4, choncho chosowa chenicheni ndi makilogalamu pafupifupi 54, kupitirira pang'ono theka la peresenti. Kuchepa kwa msinkhu wotere kumachitika ndi fumbi, njere zotayika posamutsa ndi zotapidwa poyeza. Ngati muluwo unapetedwa, zinyalala zochotsedwazo ziyezedwe, ndipo gawo lake limene lili m'kati mwa peresenti yololedwa ija lilembedwe ngati zotuluka, popeza gawo limenelo ndi limene linalowa m'buku ngati chimanga.

Chosowa chikakhalabe chachikulu mutakonza, maonekedwe ake amaloza kumene vuto lili. Chikafanana pa milu yonse, ganizirani sikelo yolandirira imene ikukweza, kapena kulemera kwa matumba kumene kunachepetsedwa. Chikakula pa milu yolandiridwa yonyowa, vuto lili pa mita, pa katapidwe, kapena wina akugwiritsabe ntchito njira yachidule ija. Chikakula pa milu yolandiridwa masana a dzuwa lamphamvu, chimanga chinayezedwa chisanazizire. Chikakula ndi kutalika kwa nthawi yosunga, ndipo pansi pa matumba pali ufa, anankafumbwe kapena makoswe ndiwo akudya. Chiwerengero cha matumba chikachepa, kapena chosowacho chikakhala pa mulu umodzi wokha popanda chifukwa china mwa izi, komiti iwerenge malisiti a muluwo limodzilimodzi, kuyerekeza pepala la wosunga katundu ndi lotsala m'buku, ndiponso kuitanitsa mapepala a mamembala angapo kuti ione ngati atatuwo akunena nambala imodzi.